Shati ya K55,000 ndi ya K18,000, yotchipa ndi iti kwenikweni?

"Ndimagwira ntchito ku City Centre, shati ndimagula za K18,000 m'tauni koma pakatha miyezi 5 kolala yatha, nsalu yatuluka timibulu. Ndaona ina pa shopu K55,000, akuti ndi thonje labwino. Ndigule, kapena ndingotaya ndalama?"

Achimwene, musanapite kukaigwira shati imeneyo tengani kaye foni mutsegule kakyuleta, chifukwa pali nambala imodzi yomwe ikuthandizeni kuposa zonse zomwe wogulitsa angakuuzeni. Tinene kuti shati iliyonse mumaivala kamodzi pa sabata, monga ambiri timachitira tikakhala ndi zisanu zosinthasintha. Miyezi 5 ndiye kuti mwaivala ka 20 kapena kuposera pang'ono. K18,000 kugawa ndi 20 ndi K900. Ndiye kuti tsiku lililonse mukaivala mumakhala mwalipira K900, ngati lendi. Tsopano tengani K55,000 mugawe ndi K900, mupeza 61. Nambala yanu ndi imeneyo. Shati yodulayo ikuyenera kuvalidwa ka 61, chaka ndi miyezi iwiri, kuti ingofanana chabe ndi yotchipa ija. Ikafika zaka 2, kuvala pafupifupi ka 100, yatsika kufika K550 pa tsiku ndipo mwawina. Koma ikafa pa ka 35, mwalipira pafupifupi K1,570 pa tsiku, bola mukanangokhala ndi zanu zakale zija.

Chenjezo limodzi pa kawerengedwe aka. Muziwerenga masiku okhawo omwe shati ikuoneka yoti mutha kulowa nayo muofesi osachita manyazi. Masiku omwe yasanduka yovala Loweruka potsuka galimoto asalowe mu masamu, apo ayi chovala chilichonse chioneka ngati chinakhalitsa.

Ndiye funso lenileni ndi loti, shati imeneyo ifika pa 61? Mtengo sungayankhe zimenezo. Mu K55,000 muli lendi ya shopu, msonkho, thiransipoti, kachizindikiro kapachifuwa, ndipo nthawi zina nsalu yake ndi yomweyomweyo ya K18,000. Chomwe chingayankhe ndi ulusi, makamaka kutalika kwa tiubweya ta thonje tomwe anapotera ulusiwo.

Amene munakulira ku Chikwawa, Balaka kapena Salima mukudziwa kuti ukatenga thonje n'kulikoka pang'onopang'ono pa njere yake pamatuluka tiubweya toyera, kalikonse ndi utali wake. Ulusi si chinthu chimodzi chachitali ayi, ndi tiubweya timeneti tambirimbiri togonekedwa motsatizana kenako n'kupotedwa, ndipo chimatigwira pamodzi ndi kupotako basi, palibe guluu. Thonje lomwe limalimidwa kwambiri padziko lonse, kuphatikiza lathu lino, tiubweya take timatalika mamilimita 25 mpaka 30 chakuti. Lotsika limakhala lochepera apo. Ndiye pali mtundu wina wa mbewu, womwe umapereka thonje lotchedwa Pima ku Amereka ndi Peru, komanso mitundu ina ya Giza ku Igupto, lomwe tiubweya take timafika mamilimita 35 kupita m'tsogolo. Kusiyana kwake ndi sentimita imodzi yokha kapena kuchepera apo, munthu utha kuseka, koma pa nsalu ndi nkhani yaikulu.

Taganizani za chingwe cha khonje. Mukachipota ndi zidutswa zazifupi, nsonga zimatuluka paliponse ndipo mukakoka chimasomphoka, pomwe cha luzi lalitali chimakhala chosalala komanso cholimba poti luzi lililonse lazungulira linzake kambirimbiri. Ulusi ndi chimodzimodzi. Kaubweya kakafupi kali ndi malo ochepa ogwirana ndi anzake, ndipo pa mita imodzi ya ulusi pamakhala nsonga zambiri zosuzumira kunja. Nsonga zimenezi zikamakhulana ndi lamba wa chikwama, mpando wa minibasi, ndevu za pakhosi, zimasololoka, n'kupiringizana, n'kukhala timibulu tija. Tina timathothoka n'kupita ndi madzi ochapira, ndipo kaubweya kalikonse kochoka ndi nsalu yomwe yachepa. Ndi chifukwa chake kolala ndi m'mphepete mwa mkono ndi momwe mumayamba kuperepeseka.

Timibulu tikakhala touma, tokakamira, tosachoka ngakhale muchape kangati, kawirikawiri ndiye kuti nsaluyo ndi yosakaniza thonje ndi poliyesita. Pa thonje lokhalokha kambulu kamapangika kenako kamaduka kokha. Poliyesita ndi wolimba kwambiri, ndiye amakagwira kambuluko ngati nangula, shati osang'ambika koma yooneka yotopa. Sikuti poliyesita ndi satana, yunifomu ya ana asukulu imapirira chifukwa cha iyeyo, koma kwa inu amene vuto lanu ndi maonekedwe, kusakaniza thonje lalifupi ndi poliyesita ndiye koipitsitsa. Ndikukayikira kuti shati zanu za miyezi 5 zili m'gulu limeneli, kaoneni lebo.

Si mbewu yokha, palinso zomwe amachita ku fakitale. Thonje lonse limadutsa pa makina olimasula ndi kuligoneka mbali imodzi. Koma lina amalidutsitsanso pa makina ena okhala ngati chipeso, omwe amachotsa tiubweya tatifupi n'kusiya tatitali tokha. Pamenepa gawo ndithu la thonje limachoka, ndiye mtengo umakwera pa chifukwa chomveka. Thonje wamba lopesedwa bwino limatha kupanga shati yabwino kwambiri ngakhale si la ku Igupto. Kenako pali ulusi wophatikiza, pomwe atenga maulusi awiri opyapyala n'kuwapota pamodzi kukhala umodzi, umenewu umalimba ndipo nsonga zambiri zimatsekeredwa mkati. Ngati mukuyang'ana malonda pa foni, mawu omwe mungawaone pa sikirini ndi combed cotton kutanthauza thonje lopesedwa, ring-spun kutanthauza ulusi wopotedwa mosalala, 2-ply kutanthauza ulusi wophatikiza uja, ndi Supima lomwe ndi dzina la malonda la thonje la Pima la ku Amereka. Mawu oti thonje 100% okha sakukuuzani chilichonse za utali. Ndipo dzina la Igupto pa paketi musalikhulupirire msanga, si thonje lonse la kumeneko lomwe ndi lalitali, komanso kusindikiza lebo n'kosavuta, tonse tikudziwa zomwe zimabwera m'makontena.

Nanga muli mu shopu muzindikira bwanji? Choyamba musapusitsidwe ndi kufewa. Nsalu yatsopano amaipaka mankhwala ofewetsa omwe amachoka mukachapa kawiri katatu, ndipo ina amachita kuikanda dala kuti ituluke ubweya imveke ngati bulangete la mwana. Ine zinandichitikira ndi tisheti ina yomwe ndinagula modula ndithu pa shopu ina yooneka bwino, yofewa ngati chiyani kaya, mwezi usanathe khosi linali litatamuka ngati la gwanda. Thonje lalitali limamveka losalala, lozizirira pang'ono, osati la ubweyaubweya.

Chitani izi. Pindani nsalu pa chala, muikweze moyang'ana kuwala kwa pakhomo, muyang'ane m'mphepete mwa popindapo. Mukaona kankhungu ka tiubweya toimirira tambirimbiri, timibulu tanu ta mawa ndi timeneto. Pa nsalu yabwino mzerewo umakhala woyera, tiubweya apo ndi apo. Kenako itambasuleni pa kuwala komweko muone ngati ulusi uli wofanana kapena pena wonenepa pena wowonda, ngati mkati mukuoneka mabowo osiyanasiyana kukula. Ndiye tembenuzani shati, pa msoko wa mkati nthawi zambiri pamakhala kaulusi ka nsalu kolendewera. Kasololeni, osati ulusi wosokera koma wa nsalu yeniyeniyo, mukapotokole ndi zala. Kakagawika pawiri ndiye ulusi wophatikiza uja. Pitirizani kupotokola mpaka kamasuke, mukoke mofatsa, muike tiubweyato pa sikirini ya foni yozima kuti tioneke. Tikakhala tambiri tosafika masentimita 2 ndi tina ngati fumbi, siyani. Tikamayandikira masentimita 3 kapena kuposa, pali chiyembekezo. Njira imeneyi si ya labotale, mukakoka mwaphuma tiubweya timaduka ndipo muinamizira shati yabwino, ndiye yesani kawiri. Yambani mwayeserera kunyumba pa shati yanu yakutha ija kuti diso lizolowere.

Pali msampha wina womwe ogulitsa sanena. Chifukwa thonje lalitali limalola kupota ulusi wowonda kwambiri, opanga ena amaligwiritsa ntchito kupanga nsalu yopyapyala, yonyezimira, ya mabwana oyenda pa galimoto yoziziritsa amene zovala zawo sizionana ndi burashi. Shati yotero ndi yabwino inde koma si yolimba, ndipo kuno kwathu komwe fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limadetsa kolala tsiku limodzi, kenako kolalayo n'kutikitidwa ndi burashi ndi sopo wamtanda, mwina n'kuthiridwa jiki, n'kuyanikidwa padzuwa tsiku lonse, siingafike pa 61. Jiki amadya thonje, lalitali ndi lalifupi lomwe. Ndiye mukufuna zinthu ziwiri pamodzi, ulusi wosalala komanso nsalu yokhala ndi thupi, yoti mukaika dzanja kuseri zala zisamaonekere. Onaninso misoko ngati ili yothinana ndi mabatani ngati asokedwa zolimba, koma zimenezo telala aliyense wa pakhonde atha kukonza, nsalu yokha ndiye sangaikonze.

Kunena za matelala, shati ya nsalu yabwino kolala ikatha mbali imodzi amaitembenuza. Tinene akutchajani K3,000 ndipo shati yapitirira masabata ena 30 pamwamba pa kuvala ka 100 kuja, ndiye kuti K58,000 kugawa ndi 130, pafupifupi K450 pa tsiku, theka la zomwe mukulipira panopa. Pa shati ya timibulu thupi lonse kutembenuza kolala n'kungovutitsa telala.

Ine ndikanakhala inu ndisanatulutse K55,000 ndikanadutsa kaye ku msika wa kaunjika wa Tsoka tsiku lomwe atsegula belo. Ubwino wa kaunjika pa nkhani iyi ndi woti shati inalemba kale mayeso, inachapidwa kambiri, mankhwala ofewetsa anachoka, ndiye ngati kukhwapa, kolala ndi pamsana zikadali zosalala ndiye kuti ulusi wake ndi weniweni. Ngakhale mutaipeza pa K12,000 n'kungoivala ka 40, ndi K300 pa tsiku. Vuto ndi saizi ndi nthawi yofufuza, komanso simudziwa kuti mwini wake woyamba anadyapo masiku angati, ndiye ikwezeni pa kuwala muone pa zigongono ngati sipanayambe kupyapyala. Ya K55,000 ija kaiyeseni monga ndanenera, ikakhala yopanda kankhungu, ulusi wogawika pawiri, nsalu yosaonekera zala, gulani imodzi yokha kaye, lembani deti mufoni, ndipo muwauze akunyumba kuti kolala yake azingoinyika m'madzi a sopo n'kutikita ndi manja, burashi ayi.