Invoisi imodzi, zolemba ziwiri: malonda apangongole okhala ndi msonkho

Wowerenga wina wanditumizira imelo iyi:

"Zikomo bambo. Ndangoyamba kumene ntchito yolemba mabuku a ndalama pakampani ina yogulitsa katundu. Tagulitsa makatoni 40 pangongole, lililonse pamtengo wa 1,500, ndipo titawonjezera msonkho wa 10 peresenti invoisi yakwana 66,000. Ine ndalemba 66,000 yonseyo ku debiti ya kasitomala ndi ku kirediti ya malonda, mabuku n'kubalansa bwinobwino. Koma abwana akuti ndalakwitsa pawiri: msonkho sindinaupatule, komanso mtengo wa katunduyo sindinaulembe. Nanga si ndalama sizinalowe kapena kutuluka? Ndithandizeni."

Abwana anuwo akunena zoona, koma musadandaule, chifukwa mbali imodzi mwaikhoza kale. Kasitomalayo alidi ndi ngongole ya 66,000, ndipo debiti yanuyo isasinthe. Vuto lili kumbali inayo. Mwa ndalama zimenezi, 60,000 yokha ndiyo ya kampani yanu. 6,000 yotsalayo ndi ya boma. Inu mwangotumidwa kuitolera, ndipo tsiku lake likakwana mudzayenera kukaipereka. Ndalama yotumidwa siilowa m'malonda, imalembedwa ngati ngongole imene kampani ili nayo kuyambira tsiku lomwe mwagulitsalo. Malamulo a padziko lonse a kalembedwe ka maakaunti, makamaka IFRS 15, amanenanso chimodzimodzi: ndalama zotoleredwa m'malo mwa wina siziwerengedwa ngati zomwe kampani yapeza.

Choncho cholemba choyamba chili ndi mizere itatu:

Debiti, akaunti ya okongola (kasitomala ameneyu): 66,000
Kirediti, akaunti ya malonda: 60,000
Kirediti, akaunti ya msonkho wodikira kuperekedwa: 6,000

Makirediti awiriwo mukawaphatikiza akufanana ndi debiti imodziyo. Ndiye muone apa chifukwa chake kubalansa kwa mabuku kunakunamizani. Kaya 6,000 ija mwaiika ku malonda kaya ku msonkho, mbali ya kirediti ikukwanabe 66,000. Kubalansa kumangokuuzani kuti mbali ziwiri zafanana, basi. Zoti ndalama yakhala mu akaunti yoyenera, kumeneko sikuzidziwa. Ine ndimati wolemba mabuku akangonena kuti "koma zabalansa" ngati umboni, pamenepo m'pamene ndimayamba kufufuza.

Pa nkhani yoti ndalama sizinalowe, kumbukirani kuti m'mabuku otere timalemba malonda pomwe katundu wasiya kukhala wathu n'kukhala m'manja mwa wogula, osati pomwe ndalama yafika. Akaunti ya okongola ndiyo imagwira malo a ndalamayo mpaka idzabwere. Ndipo pali chinthu china chowawa chimene ambiri amachidziwa mochedwa: m'maiko ambiri msonkho umayenera kuperekedwa potengera tsiku la invoisi kapena tsiku lopereka katundu. Kasitomala akapatsidwa masiku 60 oti alipire pomwe msonkho umaperekedwa mwezi ndi mwezi, kampani itulutsa 6,000 m'thumba mwake isanalandire kalikonse. Akaunti ya msonkho ikakhala yapayokha, abwana amaiona ndalamayo ikubwera n'kuikonzekera. Ikabisala m'malonda, amaiwona ngati phindu, mwinanso n'kuidya.

Tsopano cholemba chachiwiri, chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa m'pamene anthu atsopano amasokonezeka kwambiri.

Lowani m'sitoko muone mashelefu. Makatoni 40 palibe, apita. Koma m'mabuku mwanu akadali pomwepo, chifukwa cholemba choyamba chija sichinakhudze akaunti ya katundu ngakhale pang'ono. Chinangonena za kasitomala, za malonda ndi za boma. Pakufunika cholemba china chochotsa makatoniwo m'sitoko ya m'mabuku n'kuwasandutsa ndalama yomwe kampani yawononga kuti ipeze 60,000 ija. Apa invoisi imene munapatsa kasitomala muiike pambali, ilibe ntchito. Nambala yomwe tikufuna ili pa mapepala a kumene munaoda katunduyo.

Simunandiuze mtengo woodera, ndiye tiyeni tingoyerekeza. Tinene kuti m'sitoko munali makatoni 50. Mwa amenewa, 30 munaoda kale pa 900 lililonse, ndipo 20 munaoda posachedwapa mtengo utakwera kufika pa 1,100. Mwagulitsa 40. Nanga atuluka ati? Makatoniwo ndi ofanana, ndipo anyamata okweza katundu sanayang'ane kuti ili linabwera liti. Ndiye kampani imasankha njira imodzi yowerengera n'kuitsatira nthawi zonse. Yotchuka kwambiri ndi ija yoti katundu woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka, imene m'mabuku ndi m'mapulogalamu imalembedwa FIFO. Mwa njira imeneyi, 30 akalewo atuluka onse pa 900, yomwe ndi 27,000, kenaka titenga 10 mwa atsopanowo pa 1,100, yomwe ndi 11,000. Zonse pamodzi 38,000.

Debiti, akaunti ya mtengo woodera wa katundu wogulitsidwa: 38,000
Kirediti, akaunti ya katundu wa m'sitoko: 38,000

M'sitoko ya m'mabuku munali 49,000. Tikachotsa 38,000 patsala 11,000, ndipo imeneyi ikugwirizana ndendende ndi makatoni 10 otsala pa 1,100. Mutha kupita kukawawerenga ndi chala.

Kampani ina ikanasankha njira ya avereji: 49,000 kugawa ndi makatoni 50, lililonse likhala 980, ndipo makatoni 40 akwana 39,200. Njira zonse ziwiri ndi zololedwa pansi pa IAS 2, lamulo la padziko lonse la kawerengedwe ka katundu wa m'sitoko, pomwe ija yoti womaliza kulowa ndiye woyamba kutuluka ndi yoletsedwa. Musasankhe nokha, funsani imene kampani yanu imatsatira, chifukwa kusinthasintha mwezi ndi mwezi kumachititsa phindu kuvina popanda chifukwa.

Muone kuti mu cholemba chachiwirichi mulibe msonkho wa pa malonda aja, mulibenso dzina la kasitomala. Ndi nkhani ya m'nyumba. Chenjezo lokha lili pa mtengo wooderawo. Ndalama yonyamulira katundu kuchokera kumene munaoda kufika m'sitoko mwanu imalowa mu mtengowo. Msonkho womwe munalipira pooda umalowamo pokhapokha ngati boma silidzakubwezerani. Kumene kuli msonkho wa VAT ndipo kampani inalembetsa, womwe munalipira pooda umakhala mu akaunti yakeyake n'kudzachotsedwa pa womwe mwatolera, choncho sulowa mu mtengo wa katundu.

Phindu la malonda amenewa, tisanachotse lendi, malipiro ndi zina, ndi 60,000 kuchotsa 38,000, kutsala 22,000. Monga munalembera inu, mabuku akanaonetsa phindu la 66,000, kuwirikiza katatu phindu lenileni, komanso sitoko yodzaza ndi makatoni omwe kulibe.

Mwina mudzamva wina akunena kuti kwawo cholemba chachiwirichi salemba. Sakunama. Pali makampani ena omwe satsatira katundu pa malonda alionse. Iwo amadikira kutha kwa mwezi kapena chaka, amawerenga katundu yense wotsala, n'kupeza mtengo wa wogulitsidwa pophatikiza katundu woyambira ndi woodedwa, kenaka kuchotsa wotsalayo. Njirayi ndi yophweka koma ili ndi khungu: katoni yobedwa kapena yowonongeka imangomezedwa mu mtengo wa katundu wogulitsidwa, palibe amene angailoze. Poti abwana anu akufuna cholemba chachiwiricho, ndiye kuti kwanu mumatsatira katundu tsiku ndi tsiku, ndipo mabuku akasiyana ndi shelefu kusiyanako kumaonekera.

Nanga mungadziwe bwanji kuti penapake palakwika, poti kubalansa sikuthandiza? Ine ndimayamba ndi msonkho. Ngati katundu yense amalipiritsidwa 10 peresenti, makirediti a mwezi umenewo mu akaunti ya msonkho ayenera kukhala gawo limodzi mwa magawo khumi a malonda. Akachepa, invoisi ina yalowa yonse m'malonda ngati yanu ija. Kenaka ndimayang'ana phindu poyerekeza ndi malonda. Apa 22,000 pa 60,000 ndi pafupifupi 37 peresenti. Mwezi wina likadumpha mwadzidzidzi pomwe mitengo sinasinthe, kawirikawiri pali cholemba chachiwiri chimene chaiwalika. Likagwera pansi zedi, kapena akaunti ya sitoko ikatembenuka n'kukhala ku kirediti, wina wachotsa katundu pa mtengo wogulitsira m'malo mwa woodera. Pachitsanzo chathuchi, kuchotsa 60,000 pa sitoko ya 49,000 kukanasiya sitoko ili ndi ngongole ya 11,000 pomwe makatoni 10 ali phee pashelefu.

Palinso msampha wina umene mudzakumana nawo posachedwa. Tsiku lina adzakupatsani nambala imodzi yokha, 66,000, n'kunena kuti msonkho uli momwemo. Dzanja limathamangira kutenga 10 peresenti ya 66,000, n'kupeza 6,600. Zolakwika. Msonkho unawerengedwa pa 60,000, osati pa 66,000. Gawani 66,000 ndi 110, muchulukitse ndi 10, mupeza 6,000. Mukalemba 6,600, kampani ipereka ku boma 600 yomwe sinatolere kwa aliyense.

Katundu akabwezedwa, zolemba zonse ziwiri zimabwerera m'mbuyo, osati chimodzi chokha. Tinene kuti kasitomala wabweza makatoni 5 ali bwinobwino. Mumupatsa kirediti noti ya 8,250: debiti 7,500 ku malonda obwezedwa, debiti 750 ku msonkho, kirediti 8,250 ku akaunti yake. Kenaka makatoniwo abwerere m'sitoko pa mtengo womwe anatulukira. Tikawatenga ngati ali mwa aja omaliza kutuluka, a 1,100, ndiye debiti 5,500 ku sitoko ndi kirediti 5,500 ku mtengo wa katundu wogulitsidwa. Akabwera ophwanyika osagulitsikanso, sangabwerere m'sitoko pa mtengo umenewo, ndipo kampani yaluza.

Kukonza zomwe munalemba kale sikufuna kufufuta. Lembani cholemba chokonzera mu jenala: debiti 6,000 ku malonda, kirediti 6,000 ku msonkho, ndipo pansi pake mufotokoze chifukwa ndi nambala ya invoisi. Mukatero lembani cha mtengo woodera chija ndi tsiku lomwe katundu anatuluka, kuti malonda ndi mtengo wake zigwere m'mwezi umodzi. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta, yambani mwaona ngati sinalembe kale yokha chachiwiricho pomwe invoisi inkatuluka, kuopa kuchotsa makatoni omwewo kawiri.

Kasitomala akadzalipira, cholemba chake n'chachifupi: debiti 66,000 ku banki, kirediti 66,000 ku akaunti yake. Malonda musawakhudzenso, msonkhonso ayi. Msonkhowo udzachoka mu akaunti yake tsiku lomwe mudzaupereke, debiti 6,000 ku msonkho ndi kirediti 6,000 ku banki.