Uthenga wopempha akazi anu kuti abwerere kunyumba

"Akazi anga anachoka pakhomo mu Januwale, anapita kwa mayi awo ku Dedza pamodzi ndi ana athu awiri. Chinawachotsa ndi mowa wanga: malipiro ankathera kubala, lendi inafika miyezi 3 osalipira, ndipo akandifunsa ndinkawakalipira ana akuona. Sindinawamenyepo. Ndatumiza mauthenga ambiri akuti 'pepani, ndasintha' koma sakuyankha. Kodi ndilembe chiyani kuti abwerere?"

Bambo, mawu akuti "ndasintha" mayiwo sakuwayankha chifukwa mulibe chimene angagwire. N'kutheka kuti anawamvapo kangapo ali pakhomo panu pomwe, mwina m'mawa uliwonse wotsatira tsiku la malipiro, ndiye kuwamvanso pafoni ali ku Dedza sikuwauza chatsopano. Uthenga umene ungawerengedwe mpaka kumapeto ndi umene ukutchula cholakwa ndi dzina lake, kenako n'kuika patsogolo pawo zinthu zimene iwo eni angathe kufufuza popanda kudalira pakamwa panu.

Potchula cholakwa, pewani mawu awiri amene amaononga kupepesa kwa anthu ambiri, omwe ndi "ngati" ndi "koma". Munthu akalemba kuti "ngati ndinakulakwirani", wowerenga amamva kuti wolembayo sakudziwa chimene anachita, kapena akudziwa koma sakufuna kuvomera. Akalemba kuti "ndinalakwa, koma inunso munkandiputa", wasiya kupepesa ndipo wayamba kuzenga mlandu. Mwina muli nazo zodandaula zanu, ndipo zina zikhoza kukhala zomveka, koma malo ake ndi pamaso pa ankhoswe, osati mu uthenga uno. Musagwiritsenso ntchito ana ngati chingwe chokokera mayi awo, kapena kuwakumbutsa kuti anthu akukusekani, kapena kuwaponyera vesi la kukhululuka, chifukwa zonsezo zimasenzetsa wolakwiridwa katundu amene ndi wanu.

Pa malonjezo ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Lonjezo lili ndi mphamvu ngati likunena chochitika, tsiku lake, ndi munthu amene angachitire umboni, ndipo limalemera kwambiri ngati mbali ina mwaichita kale musanalembe. Choncho musanagwire foni, pitani kwa eni nyumba, mulipireko ngongole ya lendi ngakhale ya mwezi umodzi, mugwirizane za yotsalayo, ndipo akulembereni lisiti. Ndalama ya ana muziitumiza tsiku lomwe mwalandira malipiro kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, chifukwa njira zimenezi zimasiya uthenga wosonyeza tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama pa mafoni onse awiri, moti sipakhala zokanirana. Ndalama imeneyi isamangiriridwe ku kubwerera kwawo. Kusamalira ana ndi udindo wanu pa mwambo ngakhalenso pa lamulo, kaya mayi awo ali nanu kaya ali kwawo, ndipo mukangoisandutsa nyambo, apongozi anu adzazindikira msanga.

Za mowa musalumbire kuti simudzamwanso moyo wanu wonse, pakuti palibe amene angatsimikize zimenezo lero. Nenani tsiku limene munamwa komaliza, ngati munasiyadi, ndiponso chimene mwasintha kuti tsiku la malipiro lisakupezeni panjira yakale. Pano ndionjezepo chenjezo, chifukwa ndi nkhani ya moyo: ngati mumamwa tsiku lililonse ndipo m'mawa manja amanjenjemera, thukuta n'kumatuluka mpaka mutamwanso, musasiye mwadzidzidzi panokha, chifukwa thupi lozolowera mowa motero likhoza kuyamba kukomoka. Pitani kuchipatala akuthandizeni kusiya, ndipo ulendo umenewo ukhoza kukhala umboni wina woti muulembe.

Kumbukiraninso kuti mkazi akafika kwa makolo ake ndi ana ndi katundu, nkhaniyo yachoka m'manja mwa anthu awiri. Amalume ake ndi ankhoswe anaimva kale, ndipo sangamulole kungonyamuka chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp, ngakhale iye mwini atafuna. Yambani mwapita kwa ankhoswe a kuchimuna, muwauze zonse osabisa, kuti iwo ndiwo akagogode kwa anzawo a kuchikazi. Pachifukwa chimenechi, chimene mukupempha mu uthenga woyamba chisakhale tsiku lobwerera, koma mpata wokumana. Mukhoza kulemba motere:

"Mayi a ana anga, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ndi amayi. Ndalemba kuti ndivomere zimene ndinachita. Ndinathera malipiro ku mowa, ndinakusiyani muchite manyazi kwa eni nyumba kwa miyezi 3, ndipo mutandifunsa ndinakukalipirani ana akuona. Munali ndi chifukwa chochokera, ndipo wolakwa ndine. Ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire. Mowa ndinamwa komaliza pa 2 Malichi. Ngongole ya lendi ndalipirako ya miyezi 2, lisiti ndi limene ndatumizali, ndipo yotsalayo ndimaliza kumapeto kwa mwezi uno. Ndalama ya ana ndizitumiza tsiku lomwe ndalandira, kaya mwabwerera kaya simunabwerere. Mukadzalola kubwera, malipiro tizidzagawa tili awiri, lendi ndi chakudya poyamba. Ndafotokozera ankhoswe anga zonsezi, ndipo ndi okonzeka kubwera ku Dedza tsiku limene inu ndi amalume mungasankhe. Ndikufunitsitsa mubwerere kunyumba, koma sindikukakamizani, ndipo ndidikira yankho lanu."

Masiku ndi miyezi zimene ndaikamozo musinthe kuti zigwirizane ndi zoona zanu, ndipo chilichonse chimene simunachite muchichotse. Bodza limodzi lokha, monga kunena kuti munasiya mowa pamene mlamu wanu anakuonani kubala sabata yatha, lidzagwetsa ngakhale mizere imene inali yoona. Ndikulangizaninso kuti mulembe m'malo mojambula mawu, chifukwa cholembedwa mayiwo akhoza kuchiwerenga kangapo mtima utakhala pansi, kuwaonetsa amalume awo, komanso kudzakukumbutsani nacho mukadzayamba kuiwala. Tumizani masana, kamodzi kokha, pakuti uthenga wofika pakati pa usiku amauyesa wa munthu amene walawa.

Mukatumiza, dikirani masabata awiri osaimba mobwerezabwereza, osatuma ana kuti akakunenereni, komanso osatulukira kwa apongozi musanaitanidwe. Akayankha ndi mafunso ovuta kapena ndi mkwiyo, musataye mtima, chifukwa munthu amene akufunsa kuti ngongole yatsala zingati akadali kuganizira za nyumbayo, ndipo muwayankhe modekha chimene afunsacho basi. Akakhala chete, asiyireni ankhoswe ayende. Pabwalo lawo mukhoza kuuzidwa kuti mupepese kwa makolo, mwinanso kupereka kanthu monga mwa mwambo wa kwawoko, kapena kuti mayiwo akhalebe ku Dedza miyezi ina akuona ngati mukusunga mawu anu, ndipo zimenezi muzilandire osakangana.

Mwanena kuti simunawamenyepo, ndipo ndakukhulupirirani, komabe dziwani kuti lamulo la dziko lino loletsa nkhanza za m'banja, la chaka cha 2006, limawerengera kuzunza ndi mawu komanso kumana banja ndalama ngati nkhanza. Choncho ngati mayiwo atanena kuti akuchita nanu mantha, kapena kuti musawalemberenso, imani pomwepo, ndipo zokhudza kuona ana ndi kutumiza thandizo lawo zizidzera kwa ankhoswe mpaka mayiwo atanena okha kuti ali okonzeka kulankhula nanu.