Kalata youza antchito za kagawidwe ka matipi pa loji

"Ndili ndi kaloji ka zipinda zisanu ndi zitatu ku Senga Bay, antchito asanu ndi awiri. Matipi onse amathera kwa woperekera zakudya ndi wa pa risepushoni, pomwe ophika, oyeretsa m'zipinda ndi mlonda sapeza kanthu, ndipo ayamba kuyang'anana ndi diso lofiira. Ndikufuna kuyambira mwezi wamawa tizigawana tonse. Kalatayo ndiilembe bwanji kuti isabutse mkangano?"

Mayi, musanagwire cholembera, itanani anthu awiri aja amene amalandira matipi panopa, aliyense payekha. Dongosolo latsopanoli likuwachotsera ndalama imene anaizolowera, mwina ndi imene amalipirira mwana sukulu. Akakamvera nkhaniyi pa pepala lomatidwa kukhitchini, anzawo akumwetulira, adzaona ngati mwawachita chipongwe, ndipo ndi iwowa amene angalephereretse zonse chifukwa ndalama imadutsa m'manja mwawo. Auzeni maso ndi maso kuti mlendo akamasiya tipi amakhala akuthokoza chambo chowotchedwa bwino, nsalu zoyera pabedi ndi galimoto yake imene yagona bwinobwino panja, ngakhale kuti amene anachita zimenezi sanawaone. Mukatero chitani msonkhano wa onse. Kalata ibwere pambuyo, kutsimikiza zimene anthu amva kale ndi makutu awo.

Tsono kagawidwe. Ine ndimalimbikitsa kugawa potengera masiku amene munthu wagwira, osati udindo. Malo ena akuluakulu amapereka mapointi, wophika wamkulu atatu, wochapa imodzi, koma pa anthu asanu ndi awiri zimenezi zimangobweretsa funso lakuti "ndiye kuti ntchito yanga ndi yachabe?" Kusiyana kwa maudindo kuli kale m'malipiro. Kugawa mofanana ndendende nakonso kuli ndi vuto lake, chifukwa wobwera Loweruka ndi Lamlungu pokha amalandira zofanana ndi amene watuluka thukuta mwezi wonse.

Tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti mwezi watha m'bokosi mwapezeka K400,000. Anthu asanu agwira masiku 26 aliyense, mmodzi wagwira masiku 20 chifukwa anali pa tchuthi, ndipo mnyamata wothandiza kumapeto kwa sabata wagwira masiku 10. Masiku onse pamodzi ndi 160. Mukagawa K400,000 ndi 160, tsiku limodzi likukwana K2,500. Wa masiku 26 atenga K65,000, wa masiku 20 atenga K50,000, wa masiku 10 atenga K25,000, ndipo ndalama yathera pomwepo osatsala ngakhale tambala. Ubwino wake ndi wakuti aliyense atha kuwerengera yekha pa foni yake. Mlonda usiku wake uwerengedwe ngati tsiku. Izi zikutanthauzanso kuti buku losainira pobwera kuntchito likhale lolondola, chifukwa tsopano tsiku lililonse lolembedwamo ndi ndalama.

Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi, m'Chichewa. Nayi momwe ndingailembere:

"Kwa nonse ogwira ntchito pano,

Monga tinakambirana pa msonkhano wathu, kuyambira pa 1 Okutobala matipi onse ochokera kwa alendo azigawidwa kwa ogwira ntchito onse. Ndalama iliyonse imene mlendo wapereka ngati tipi, kaya m'manja, patebulo kapena m'chipinda, iziponyedwa m'bokosi la pa risepushoni tsiku lomwelo. Yobwera pa foni kapena pa khadi ndizilemba m'buku la matipi, lomwe aliyense ali ndi ufulu woliona.

Bokosi likhala ndi maloko awiri. Kiyi wina ndisunga ine, wina asunga mmodzi wa inu amene mumusankhe nokha. Tizitsegula tsiku lomaliza la mwezi pamaso pa anthu osachepera atatu, ndipo ndalama izigawidwa tsiku lomwelo potengera masiku amene aliyense wagwira.

Ine ndi a pabanja panga sitilandira nawo. Malipiro anu sasintha, ndipo palibe chimene chidzadulidwe pa matipi chifukwa cha mbale yosweka kapena kuchedwa. Amene wasiya ntchito pakati pa mwezi adzalandira gawo la masiku ake.

Tidzakhalanso pansi kumayambiriro kwa Januwale kuti tione momwe zikuyendera. Amene ali ndi funso abwere tikambirane mwezi uno usanathe."

Pansi pake musaine, aliyense asainenso kuti walandira, ndipo mumupatse kope yake. Muiwerengenso mokweza pamaso pa onse tsiku loipereka, chifukwa si onse amene angavomere pagulu kuti kuwerenga kumawavuta.

Ndime yonena za malipiro ija musaichotse, chonde. Wantchito akangomva kuti bwana wayamba kuwerengera matipi, mantha ake oyamba ndi akuti ndalamazi zidzalowa m'malo mwa malipiro, kapena kuti chaka chamawa akadzapempha kukwezedwa adzauzidwa kuti "si mukulandira matipi?" Tipi ndi mphatso ya mlendo, malipiro ndi ngongole yanu. Lamulo la za ntchito la Employment Act la 2000 ndi malipiro ochepetsetsa amene boma limalengeza zikukumangani chimodzimodzi, bokosi lidzaze kapena likhale lopanda kanthu, monga zimakhalira kunyanja mu Febuluwale mvula ikakhazikika. N'chifukwa chakenso musalonjeze nambala iliyonse m'kalatamo. Okutobala ali ndi Tsiku la Anakubala pa 15, Disembala ali ndi Khirisimasi, ndiye magawo oyamba adzakhala onenepa. Achenjezeni pakamwa kuti miyezi ya mvula sidzafanana nayo.

Ndalama zosaoneka ndi maso ndi zimene zimabala kukayikirana. Mlendo akatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ndalama ya chipinda pamodzi ndi tipi, zonse zimagwera mu foni yanu, ndipo antchito sangadziwe. Lembani m'buku nthawi yomweyo, tsiku, chipinda ndi kuchuluka kwake, wa pa risepushoni asaine pambali. Madola ndi mapaundi musinthe ku banki kapena ku malo ovomerezeka, risiti muimate m'bukumo, musagule nokha pa mtengo wongoganizira. Zovala, nsapato kapena foni yakale imene mlendo wapatsa munthu pomutchula dzina, musiyireni mwini wake.

Chovuta chenicheni ndi ndalama ya m'manja. Simungasecha matumba a anthu, ndipo musayese n'komwe, ulemu wa pamalopo ungathe tsiku lomwelo. Chimene chimathandiza ndi kuuza alendo. Ikani kapepala m'chipinda chilichonse ndi pa menyu, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, konena kuti matipi amagawidwa kwa antchito onse ndipo bokosi lili pa risepushoni. Alendo ambiri akadziwa zimenezi amapita okha kubokosi, ndiye woperekera zakudya sakhalanso pa mayesero.

Kuti mudziwe ngati dongosolo likutayikira, mwezi uliwonse gawani ndalama ya m'bokosi ndi chiwerengero cha zipinda zimene zinagonedwa, mukaphatikiza za usiku uliwonse mwezi wonsewo. Ngati K400,000 ija inachokera pa zipinda zogonedwa 160, ndi K2,500 pa chipinda. Mwezi wina alendo akachuluka chimodzimodzi koma nambalayi n'kutsika kufika theka, musathamangire kuloza munthu chala, chifukwa mwina mwezi umenewo munadzaza anthu a misonkhano omwe kawirikawiri sasiya kanthu. Yang'anani kaye mtundu wa alendo m'buku, ndipo zikabwerezeka mwezi wachiwiri, ikani manambala a miyezi yonse patebulo pamsonkhano wa Januwale uja, onse awaone.