Logo iikeni pa siladi yaikulu ya pamwamba

"Abale, ndili ndi masiladi 40 a lipoti la kuntchito. Logo ikungodumphadumpha, zilembo pena zazikulu pena zazing'ono. Kodi Slide Master ya mu PowerPoint amaipanga bwanji kuti zonse zifanane?"

Achemwali, mwandikumbutsa zowawa. Chaka chatha mu Juni tinali ndi msonkhano pa holo ina ku Katoto, masiladi 46, olemba tinali anthu anayi. Madzulo ake bwana akuti logo yasintha, ikani yatsopano. Ine mtima m'malo, poti masita, siladi yaikulu imene masiladi onse amatengerako maonekedwe, ndinali nditaipanga kale bwinobwino. Ndinalowa pa View, kenako Slide Master, n'kusintha logo pa siladi yaikulu ija ya pamwamba kumanzere. Ndinayang'ana masiladi asanu oyamba, onse ali bwino, n'kukagona.

Mawa lake, kuzizira kwa Mzuzu kuja, anthu adzaza holo atavala majekete, ife tikuyenda bwino mpaka siladi 17. Itangotuluka pa pulojekita, ma logo awiri, yakale itakwera pamwamba pa yatsopano. Mutu wa nkhani wasefukira mpaka kuphimba tebulo la ndalama, zilembo zake zachilendo zoti sindinazisankhe ine. Mayi wina wa kutsogolo anachita kuvula magalasi kuti aonetsetse. Bwana anangotembenuka n'kundiyang'ana, osalankhula kanthu. Manja anga ananjenjemera pa laputopu ndipo panali patatsala masiladi 29.

Amene anandipweteka ndi mnzanga wa mu ofesi momwemo. Ndinamupatsa fayilo yokonzakonza, iye osaigwiritsa ntchito. Anakopera masiladi ake akale, ena n'kuwamata posankha Keep Source Formatting, ndiye amenewo anabwera ndi mamasita awo. Nditatsegula Slide Master madzulo ndinapeza mamasita asanu atandandalikana. Logo yakale anachita kumata pamanja siladi iliyonse, mitu analemba mu Text Box. Kumufunsa, akuti "koma pa kompyuta yanga zimaoneka bwino". Mpaka lero sanapepese, zimandiwawabe.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti masita imalamulira mabokosi ake okha, aja amalemba kuti Click to add title ndi Click to add text. Chimene munthu walemba mu Text Box, kapena chithunzi chimene wamata yekha pa siladi, masita ilibe nacho mphamvu. Ngati mwasintha pa masita koma siladi ina siikumva, dziwani kuti vuto lili pamenepo, kapena siladiyo ili pansi pa masita ina.

Ndiye inu yambani ndi Design, Slide Size, musankhiretu 16:9 kapena 4:3, chifukwa kusintha pambuyo kumasokoneza zimene mwayala. Mukalowa mu Slide Master dinani siladi yaikulu ya pamwamba, osati tating'ono tili pansi pake. Tating'onoto ndi maleyauti, ndipo mukaika logo pa kamodzi idzaoneka pa masiladi okhawo ogwiritsa ntchito kameneko. Ikani logo pa yaikuluyo ndi Insert, Pictures, muikokere pa ngodya pomwe siigundana ndi mutu. Mtundu wa zilembo musausinthe pa Home. Pitani pa Fonts, Customize Fonts, musankhe Heading font ndi Body font, basi ziwiri. Ine ndimaika mutu pa 32, mawu a m'kati pa 20, kuti wokhala kumbuyo kwa holo awerenge. Ngati pa siladi ya chikuto simukufuna logo yaing'onoyo, dinani leyauti ya Title Slide n'kuchonga Hide Background Graphics. Mukatha, Close Master View.

Masiladi anu 40 aja sadzikonza okha. Lililonse lipatseni leyauti yoyenera pa Home, Layout, kenako dinani Reset kuti mabokosi abwerere pamalo pake ndi zilembo za masita. Ma logo omata pamanja mufufute imodziimodzi, mawu a mu Text Box muwasamutsire m'mabokosi enieni. Mukabwerera mu Slide Master n'kuimika mausi pa leyauti, imakuuzani masiladi amene akuigwiritsa ntchito, ndipo masita imene ilibe siladi muichotse ndi Delete Master. Pomata za anzanu muzisankha Use Destination Theme.

Zilembo zachilendo zija zinabwera chifukwa fonti ya mnzangayo munalibe mu laputopu ya ku holo, PowerPoint inangoika ina. Sankhani yopezeka paliponse ngati Arial, kapena pa File, Options, Save muchonge Embed fonts in the file.

Koma ngati msonkhano wanu ndi mawa, masita isiyeni kaye. Reset imatha kubweza zinthu zimene munayala dala, ndiye usiku umodzi sungakukwanireni kuona onse 40. Konzani pamanja oipitsitsa okhawo, musunge ngati PDF, mukaonetse imeneyo. Masita mudzaipange Loweruka mutakhala pansi, muisunge ngati .potx, fayilo yoyambirapo masiladi atsopano, ndipo anzanu muwauze maso ndi maso kuti aziyambira m'menemo.