Mnzanga wa bizinesi waferedwa, koma ali ndi ngongole yanga

"Ndimagulitsa simenti ndi malata ku Limbe. Bambo wina wa kampani yomanga ku Lilongwe, amene ndachita nawo bizinesi zaka 4, mayi awo amwalira Lachiwiri ndipo aikidwa dzulo ku Dedza. Kumaliro sindinapite. Ndikufuna kuwalembera imelo yopepesa, koma timangodziwana pa za ntchito basi. Chinanso, ali ndi ngongole yanga ya K3 miliyoni yoyenera kulipidwa sabata ino. Ndilembe bwanji?"

Achimwene, tiyambe ndi ngongoleyo, poti ndi imene ikukuvutitsani mutu. Musaitchule ngakhale pang'ono. Ena amaganiza kuti kulemba kuti "za ndalama zija musadandaule nazo" ndi chifundo, koma namfedwa akawerenga amangomva chimodzi: munthu uyu akadali kuwerengera ndalama zake. Mukakhala chete, iwo adziwa okha kuti mwawapatsa mpata.

Ndipo yambani imelo yatsopano, musadine Reply pa makalata anu akale. Bambo anga atatisiya, kampani ina imene ndinkagulako katundu inanditumizira mawu abwino ndithu opepesa. Koma mutu wa imeloyo unali udakali wa invoisi, ndipo nditatsika m'munsi ndinapeza chikumbutso cha ngongole chili pomwepo. Ndinawerenga nditakhala pamphasa kuseri kwa nyumba ya siwa. Mawu awo abwino aja ndinaiwala, koma invoisiyo ndimaikumbukirabe. Choncho chotsaninso zotsatsa malonda zimene zimadziika zokha pansi pa dzina lanu, ndipo pa CC musaikepo munthu. Mutu ukhale wachidule: "Pepani ndi zovuta".

Ine ndikanalemba chonchi:

"Bambo,

Ndamva ndi chisoni za imfa ya mayi athu. Pepani kwambiri, inu ndi banja lonse. Ndinalephera kudzakhala nanu ku Dedza, koma mtima wanga unali komweko. Ndimakumbukira tsiku lija munachoka msanga kuno ku Limbe kuti mukawaone kumudzi. Ndinaona mmene munkawakondera. Mulungu akutonthozeni pa nthawi yovutayi, ndipo mzimu wa malemu uuse mumtendere. Musavutike ndi kuyankha.

Ine mnzanu,"

Taonani mawu akuti "mayi athu". Kwathu kuno kholo la mnzako ndi kholo lako, ndipo mawu awiri amenewa akufunditsa kalata yonse popanda kudziyesa wachibale. Chiganizo cha tsiku la ku Limbe ndangopereka chitsanzo. Ikanipo chanu chimene chinachitikadi. Ngati mulibe, siyani. Malemu simunawadziwe, ndiye musalembe kuti anali mayi wa aliyense kapena kuti asiya dzenje lalikulu. Mwana wawo adziwa kuti mukungokometsa.

Malire ali pa mafunso ndi ulaliki. Musafunse kuti anadwala chiyani, anagonekedwa chipatala chiti, kapena ngati akanapulumuka. Zimenezo amafotokoza mwini mbumba pamaliro, kwa amene afika. Kutchula Mulungu kamodzi sikudabwitsa Mmalawi aliyense, Mkhristu kapena Msilamu, koma mavesi atatu ndi mawu oti "chinali chifuniro chake" asiyireni abusa kapena a shehe awo. Nkhani ya maliro anu akale isungeninso. Lero olira ndi iwo.

Chilankhulo? Ngati pafoni mumachezerana m'Chichewa, pepesani m'Chichewa, ngakhale makoteshoni onse mumalemberana m'Chingerezi. "Pepani" wa kwathu amafika pamtima.

Koma ndinene mosabisa: kwa munthu wa zaka 4, imelo yokha ndi yopepuka. Paja amati maliro n'kulirana. Tumizani chipepeso pa Airtel Money kapena Mpamba, ku nambala yawoyawo osati ku akaunti ya kampani, ndipo tsatizani kauthenga kakafupi kuti adziwe kwachokera. Kuchuluka kwake musakulembe mu imelo, ndipo musayerekeze kunena kuti muchotsera pa ngongole ija. Pakapita masiku atatu kapena anayi, abale atayamba kubalalika, imbani foni. Mphindi ziwiri zakwana. Tsiku limene mudzafike ku Lilongwe, mawu oyamba polowa mu ofesi mwawo adzakhale opepesa, za simenti pambuyo.

Nanga K3 miliyoni ija? Dikirani sabata ziwiri, kapena mpaka mutamva kuti abwerera kuntchito. Kenako lembani imelo ina yapayokha, ya bizinesi yeniyeni, yopanda mawu a maliro. Ngati kampaniyo ili ndi wowerengera ndalama ndipo inu zakuthinani, lankhulani ndi iyeyo sabata yamawa, bambowo osawaika pa CC.