Solofa yanuyo musaitaye, ndi imene ikutsegulireni sikoo

"Ndimaimba kwaya, solofa ndimaidziwa ndipo sitafu ndimawerenga pang'ono. Koma ndikatsegula sikoo ya okesitira mutu umazungulira: mizere mbwee, makilefu achilendo, zida zina zili ndi kiyi yakeyake. Ndiyambire pati, nanga ndigule buku lanji?"

Za buku lophunzirira ayankhe ena. Ine ndinena za zida zomwe zimalembedwa kiyi ina n'kumveka kiyi ina, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Ndipo amene akukuuzani kuti muloweze kaye tebulo lonse la zidazi musanatsegule sikoo akukulemetsani pachabe. Muli kale ndi chida chimene oimba piyano ambiri alibe, solofa.

Pezani sikoo ya Simfoni ya nambala 5 ya Beethoven, imene inaimbidwa koyamba ku Vienna mu 1808. Ndi yakale moti imapezeka yaulere pa IMSLP, webusaiti yosunga masikoo. Musindikize masamba oyambirira okha papepala lalikulu, kuti muzilembapo ndi pensulo. Gawo loyamba lili ndi masitafu 11 kapena 12 basi. Pamwamba pali fuluti, obo, kilarineti ndi basuni, pakati pali mahoni, matirampeti ndi timpani, pansi pali mavayolini awiri, viyola, chelo ndi besi. Dongosolo limeneli mulipeza pafupifupi m'sikoo iliyonse, ndiye lilowe m'mutu tsiku loyamba.

Tsopano yang'anani baa yoyamba. Mavayolini ali ndi mafulati atatu, ndiye do ndi E♭. Alembedwa G G G E♭, kenako F F F D. Mu solofa ndi mi mi mi do, re re re ti. Kwezani maso mufike pa makilarineti, omwe akuimba limodzi ndi zida za zingwe pamenepa. Iwo ali ndi fulati imodzi yokha, ndipo alembedwa A A A F, kenako G G G E. Munthu wowerenga zilembo zokha amaona ngati osindikiza analakwitsa. Koma inu werengani monga mumachitira ku kwaya: fulati imodzi ndiye kuti do ndi F, choncho A A A F ndi mi mi mi do. Nyimbo yomweyo, mawu omwewo. Kilarineti imeneyi imamveka toni imodzi pansi pa zimene zalembedwa, n'chifukwa chake wolemba amaikweza toni imodzi kuti ikumane ndi anzake.

Lamulo lake ndi limodzi: chida chikawerenga C, mawu otuluka ndi dzina la chidacho. Kilarineti ya B♭ ikawerenga C mumamva B♭ wa pansi pake. Ya A mumamva A. Honi ya F mumamva F wa pansi. Koma chenjerani ndi mayina osindikizidwa kumanzere kwa tsamba. Pamene palembedwa "Clarinetti in B" sakutanthauza B amene mukumudziwa. Kwa Ajeremani B ndi B♭, ndipo B wambayo amamulemba H. Chimodzimodzi "Es" ndi E♭. Mukaphonya apa, zonse zimene muwerengere kilarineti zikhala zitasemphana ndi theka la toni, ndipo makodi onse azioneka ovunda.

Mahoni ndi amene amafuna mtima. Pa sitafu yawo mulibe fulati kapena shapu ngakhale imodzi, pangolembedwa "Corni in Es". Honi ya nthawi ya Beethoven inalibe mavavu. Woimba ankalumikiza kachitoliro kowonjezera kuti chida chonse chikhale m'kiyi yofunikayo, ndipo manoti ankalembedwa ngati nyimbo ili mu C nthawi zonse. Pitani pa baa 59, pamene mahoni amaitana okha mwamphamvu nyimbo yachiwiri isanalowe. Alembedwa G G G C D G. Chimene chimamveka ndi B♭ B♭ B♭ E♭ F B♭. Simufunika kuwerengera masitepe asanu ndi limodzi kutsika pa noti iliyonse. Tengani C wolembedwayo ngati do, muimbe so so so do re so, ndipo mwalondola, pakuti do wa nyimboyi ndi E♭ yemwe ndi dzina la honiyo.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndikuchenjezeni msanga. Imagwira pamene chida chili ndi mafulati kapena mashapu ake kumayambiriro, kapena pamene dzina la chida likufanana ndi do. Onani matirampeti pansi pa mahoniwo. Nawonso alibe chizindikiro chilichonse, koma ndi a C, ndiye C wawo ndi C weniweni, amene m'nyimbo ino ndi la, osati do. Timpani chimodzimodzi: C ndi G wake ndi la ndi mi. M'masikoo a pambuyo pake mupezanso honi ya F yolembedwa popanda chizindikiro ngakhale nyimbo ili m'kiyi ina, ndipo apo muyenera kutsitsadi noti iliyonse masitepe asanu. Njira yodziwira kuti mwasokera ndi yapafupi. Pa kodi yaitali yomwe zida zonse zagwira, ngati chida chimodzi chokha chikukupatsani noti yosagwirizana ndi besi, bwererani ku tsamba loyamba mukaonenso dzina lake.

Makilefu sindikhalitsapo. Kilefu ya viyola imaloza mzere wapakati, ndipo mzerewo ndi C wapakati. Mizere yake kuchokera pansi ndi F A C E G. Diso lozolowera kilefu ya G, imene a soprano amawerenga ku kwaya, liziti mzere wapakatiwo ndi B, musalikhulupirire. Chizindikiro chomwecho chikakwera pa mzere wachinayi, monga zimachitikira basuni kapena chelo akapita m'mwamba, C wapakati wasamukira pamenepo. Besi imamveka okitevu imodzi pansi pa zolembedwa, koma dzina la noti silisintha.

Chimene ndimadana nacho ndi timasikoo ting'onoting'ono ta m'thumba. Ndinagulapo kena kotchipa kamene mayina a zida anali pa tsamba loyamba lokha. Osindikiza amachotsa masitafu a zida zomwe zikupuma, ndiye tsamba lina limakhala ndi magulu awiri kapena atatu a masitafu, olekanitsidwa ndi timizere tiwiri topendekeka kumanzere. M'kabukuka timizereto tinali tofufutika, ndipo sitafu yachitatu kuchokera pamwamba inali kilarineti pa tsamba ili, honi pa tsamba linalo, popanda chokuuza. Musanalipire sikoo iliyonse, tsegulani pakati muone ngati mayina achidule alipo pa gulu lililonse. Ngati palibe, isiyeni.

Pomvetsera, musayese kuona zonse. Gawo loyambali limathamanga kwambiri, baa iliyonse ndi kugunda kumodzi kwa dzanja. Ulendo woyamba ikani chala pa mavayolini oyamba mpaka kumapeto. Wachiwiri tsatani chelo ndi besi. Wachitatu sankhani chida chopemerera chimodzi, muziwerenga mabaa amene chikupuma, muone ngati mulowa nacho limodzi. Pa baa 124 pali chizindikiro chobwereza, ndiye ngati mwamva chiyambi chija kachiwiri, bwererani ku tsamba loyamba. Liwiro likakukanikani, pitani ku gawo lachiwiri lomwe ndi lodekha, koma muwerengenso mayina kumanzere, chifukwa kumeneko mahoni asintha, akhala a C.