Uta woyamba: rikevu, kompaundi kapena wautali?

"Abale a mu gulu muno, ndili ku Chinamwali, ndikufuna kuyamba masewera oponya mivi. Mbale wanga ali ku Joni akuti andigulira uta, koma ndisankhe pakati pa rikevu, kompaundi ndi uta wautali uja amati longibo. Ndine wamtali masentimita 175, sindinagwirepo uta. Nditenge uti?"

Achimwene, tengani rikevu yomasula zidutswa zitatu, ndipo ikhale yofewa kukoka. Rikevu ndi uta womwe nsonga zake ziwiri zimapindikira kutsogolo. Tifotokoza chifukwa chake, koma yambani mwadziyeza, poti uta umagulidwa ngati nsapato.

Imani chotsamira khoma, tambasulani manja onse awiri, wina ayeze kuchokera kunsonga ya chala chapakati cha dzanja ili kukafika cha dzanja linalo. Kwa anthu ambiri muyezowu umafanana ndi msinkhu, ndiye tiyerekeze kuti mwapeza masentimita 175, omwe ndi mainchesi pafupifupi 69. Gawani ndi 2.5, mupeza 27.6. Apo ndi pomwe mumafikitsa nsinga mukakoka mpaka pachibwano, ndipo munthu wokoka mainchesi 27 mpaka 29 amayenera uta wa mainchesi 68. Ogulitsa amauphatikiza motere: chigwiriro chapakati cha mainchesi 25 ndi nthambi ziwiri za utali wapakatikati, zomwe ndi mbali zopindika za uta. Dziwaninso diso lanu lolamula. Lozani chinthu chakutali ndi chala maso onse ali otsegula, kenako tsinzinani limodzilimodzi. Diso lomwe likapenya lokha chala sichisuntha pa chinthucho ndiye lolamula. Likakhala lakumanja, mugula chigwiriro cholembedwa RH, mudzagwira uta ndi dzanja lamanzere n'kukoka ndi lamanja.

Pomwe oyamba ambiri amagwa ndi pa mphamvu yokokera. Nthambi za rikevu zimalembedwa mapaundi, ndipo nambalayo imayezedwa nsinga itakokedwa mainchesi 28. Inchi iliyonse yochepera kapena yopitirira imasintha pafupifupi mapaundi awiri. Inu yambirani pa mapaundi 20 kapena 22, omwe ndi makilogalamu ngati 10 pa zala zitatu. Tikudziwa mudzati izo n'za ana, poti thumba la feteleza mumasenza nokha. Koma kusenza ndi kwina. Apa mukukoka ndi minofu ya pakati pa mapewa, n'kugwira osanjenjemera masekondi angapo, kambirimbiri ka 60 pa tsiku limodzi. Uta wa mapaundi 40 umaoneka msanga pa munthu: phewa la kutsogolo limakwera kukhutu, mutu umapita kukakumana ndi nsinga m'malo moti nsinga ibwere kumaso, ndipo muvi umachoka musanalunjike. Zizolowezi zimenezo kuzichotsa kumatenga nthawi yaitali kuposa kuphunzira koyamba.

Ubwino wa rikevu yomasula uli pomwepa. Mukalimba, mumangogula nthambi zina za mapaundi 26 kapena 28, chigwiriro n'chomwecho. Mbale wanuyo ayang'ane zilembo za ILF, kutanthauza kuti nthambi za makampani osiyanasiyana zimalowa pa chigwiriro chimodzi. Nsinga ikatha mumasintha nokha. Mukamasula, zonse zimalowa m'chikwama, mukwera nazo minibasi ya ku Limbe popanda kondakitala kukulipiritsa mpando wachiwiri. Ndi mtundu womwewu umene Areneo David anaimira nawo Malawi pa Olimpiki ya ku Rio mu 2016, komwe amalasa chandamale pa mtunda wa mamita 70.

Kompaundi sitikuinyoza ayi, polasa molunjika palibe woiposa. Kunsonga kwa nthambi zake kuli timagudumu tomwe timakuchotserani katundu mukakoka mpaka kumapeto. Uta wa mapaundi 40 wochotsa magawo 75 pa 100 umakusiyani mukugwira mapaundi 10 okha, ndiye mumalunjika mosapupuluma. Vuto n'loti timagudumuto timaima pa muyezo umodzi. Akakugulirani wochunidwa mainchesi 30 inu muli wa 27.6, mudzatambasula mkono mopitirira, nsinga n'kumakukwapulani mkono daima. Ina imachunika ndi kasipanala, ina imafuna kusintha zitsulo. Ndipo kusintha nsinga ndi zingwe zake kumafuna makina opanikizira nthambi. Musanaitanitse, pezani kaye munthu amene ali ndi makinawo ndipo amadziwa kulinganiza timagudumu kuti tizitembenuka pamodzi. Mukapanda kumupeza, kachingwe kamodzi kakayamba kuyoyoka uta wonse ukhala pakhoma. Onjezaninso kachipangizo komasulira nsinga, poti makompaundi ambiri a masiku ano ndi aafupi, sanapangidwire zala.

Uta wautali ndi umene umafanana ndi wa makolo athu: mtengo umodzi ndi nsinga, basi. Wa Chingelezi umatalika ngati mwini wake, ulibe cholunjikira, muvi umagona padzanja penipeni. Ndi wokoma, koma ngati mphunzitsi ndi wouma mtima. Muvi ukaphonya simudziwa ngati walakwa ndinu, muvi kapena mtengo. Umagwedeza dzanja poponya, ndipo mphamvu yake siisinthika, ukakuchepera ugula wina. Wa mtengo wokhawokha umamvanso nyengo: chinyezi cha dzinja la kuno kumunsi kwa phiri chimaufooketsa, ndipo ukausiya chikungire umakhala wopindika mpaka kalekale. Mudzaugule ngati wachiwiri.

Tsono mndandanda wotumiza ku Joni usangokhala uta. Pakhale kachingwe kokungira uta. Kukunga popinda nthambi ndi mwendo kumazipotokola, ndipo mudzazindikira poona nsinga sikugona mumzera wake kunsonga kwa nthambi. Pakhale chotchinga mkono, kachikopa ka zala, kogonekapo muvi, sera ya nsinga, ndi nsinga ziwiri za dakironi zolembedwa AMO 68. Mivi ikhale 12, yotalika mainchesi 29 kapena 30, kulimba kwake nambala 900 kapena 1000. Nambala ikakula, muvi ndi wofewa. Muvi wolimba kwambiri pa uta wofewa umathawira kumanzere kwa woponya wa RH, ndiye musalole ogulitsa akupatseni ya 500 poti ndi yomwe ali nayo. Muvi waufupi ndiye woopsa zedi, umatha kuchoka pogonera n'kulasa dzanja logwira uta.

Ukafika, kungani ndipo yezani kuchokera pakhosi pa chigwiriro kukafika pansinga. Pa uta wa 68 pakhale masentimita 22 mpaka 23 ndi theka. Pakachepa, uta umalira kuti phwa ndipo nsinga imamenya pamfundo ya dzanja. Masulani nsinga, ipotoleni kangapo, muyezenso. Dakironi yatsopano imatanuka masiku oyamba, choncho muziyeza tsiku lililonse.

Musadzakoke n'kusiya nsinga popanda muvi, ndipo mnzanu wobwera kudzaona asayesere. Mphamvu yomwe ikanapita ndi muvi imabwerera m'nthambi n'kuzing'amba, pa kompaundi ndiye zingwe zimadumpha pa timagudumu. Uta usatsale m'galimoto yotseka padzuwa la Okutobala, guluu wogwira nthambi amafewa. Muvi wa kaboni ukamenya mwala, upindeni pang'ono pafupi ndi khutu. Ukamveka kuthetheka, tayani.

Chandamale pangani nokha: thumba la chimanga lodzaza nsanza ndi majumbo mothinana, loimika patsogolo pa chulu kapena mtumbira waukulu, komwe kuseri sikudutsa njira ya ana kapena mbuzi. Yambirani pa mamita 10. Mivi isanu ndi umodzi ikamagwera malo okwana mbale ya nsima maulendo atatu otsatizana, bwererani m'mbuyo mamita ena asanu.